Mwana wanena m'kalasi kuti sakhulupirira Mulungu: ndiphunzitse bwanji?

Funso: "Ndimaphunzitsa RME pa CDSS ina kuno ku Nkhotakota, ndipo ndine mayi wa mvano. Sabata yatha mnyamata wa fomu 3 anafunsa kuti, 'Madamu, nanga anthu amene amati kulibe Mulungu, amaganiza bwanji?' Kenako anawonjeza kuti iyenso sakudziwa ngati Mulungu alipo. Kalasi yonse inasokosa, ena akumutcha wa satana. Ine ndinangoti tikambirana tsiku lina. M'kalasimu muli Asilamu, Akhristu ndi ana a kudambwe. Ndingaiphunzitse bwanji nkhaniyi osanyoza mwanayo, osataya chikhulupiriro changa, komanso osayambana ndi makolo?"

Mayi, mtima m'malo. Kuimitsa nkhaniyo tsiku lija munachita bwino, chifukwa kalasi ikatentha chotero palibe amamva mnzake. Chofunika n'chakuti "tsiku lina" lija lifike ndithu, ndipo lisapitirire masabata awiri. Mukangokhala chete, anawo aphunzirapo zinthu ziwiri: kuti amene anakuwa za satana aja ananena zoona, ndi kuti m'kalasi mwanu muli mafunso ena osafunsika. Ine ndaphunzitsa phunziroli zaka zambiri m'mbali mwa nyanja muno, ndimapemphera ngati inu, ndipo ndikukutsimikizirani kuti nkhaniyi imaphunzitsika bwinobwino mu piriyodi imodzi kapena awiri, munthu osagwedezeka pa chipembedzo chake.

Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi umodzi. Ndikamafotokoza maganizo a munthu wosakhulupirira, ndimayerekeza kuti munthuyo wakhala kumbuyo kwa kalasi akumvetsera. Ndikamaliza, kodi anganene kuti "inde, ndi zimene ndimaganiza"? Ngati sanganene choncho, ndiye kuti sindinaphunzitse, ndangomuneneza. Muyeso umenewu simuuyamba lero. Inu Mkhristu mukamaphunzitsa nsanamira zisanu za Chisilamu, mumayesetsa kuti mwana wa shehe amene wakhala kutsogoloyo asakwinye nkhope. Mukamaphunzitsa za mizimu ya makolo ndi nsembe, simuyamba ndi kunena kuti izi n'zamdima. Kufotokoza Swala molondola sikunakusandutseni Msilamu, ndipo kufotokoza maganizo a wosakhulupirira molondola sikukuchotsani ku mvano.

Musanalowe m'kalasi, chitani zinthu ziwiri. Choyamba, muitaneni mnyamatayo poyera koma posamva anzake, mwina pansi pa mtengo nthawi ya buleki, mumuuze kuti funso lake linali labwino, kuti mudzaliphunzitsa, ndi kuti simudzamutchula dzina kapena kumuimiritsa kuti adziteteze. Mumufunsenso mofatsa kuti funsolo linamuyamba liti. Musamufunse ngati wolakwa. Ana ena amafunsa chifukwa aphunzira za chiyambi cha zamoyo mu bayoloje ndipo mutu wawo ukugwira ntchito. Ena amafunsa chifukwa mayi awo anamwalira atapemphereredwa usiku wonse. Ana awiriwa akufuna zinthu zosiyana, ndipo ndibwererako kumapeto. Chachiwiri, uzani ahedi kapena mkulu wa dipatimenti yanu, ndipo phunzirolo mulilembe mu sikimu pansi pa mutu umene ukugwirizana nalo, monga wa kulolerana pakati pa anthu a zikhulupiriro zosiyana kapena wa ufulu wa munthu. Kholo likadzabwera ndi dandaulo, ahedi asadzamve koyamba kuchokera kwa khololo.

Tsopano phunziro lenilenilo, la mphindi 40. Gwero la phokoso lija si lakuti anawo ndi oipa mtima. Vuto n'lakuti m'mutu mwawo muli thumba limodzi lokha, ndipo m'thumbamo aponyamo wosapita ku tchalitchi, wachikunja, mfiti, wa satana, chidakwa ndi wosakhulupirira Mulungu. Ntchito yanu yaikulu pa tsikulo ndi kukhutula thumbalo. Ndimayamba polemba pa bolodi anthu anayi opanda maina. Woyamba ndi msodzi amene sanaponde ku mzikiti zaka zambiri, koma mwera ukamupeza pakati pa nyanja amafuula dzina la Allah. Wachiwiri ndi agogo amene sanabatizidwepo, amathira nsembe ya ufa kwa mizimu ya makolo ndipo amati mvula amagwetsa ndi Chauta. Wachitatu ndi namwino amene amati, "Ndaganizira bwino, ndipo sindikhulupirira kuti kuli Mulungu aliyense." Wachinayi ndi wophunzira wa ku koleji amene amati, "Mwina alipo, mwina palibe. Sindikuona njira yodziwira." Kenako ndimawagawa anawo m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, osakaniza zipembedzo, ndi kuwapatsa mphindi khumi kuti ayankhe funso limodzi lokha: mwa anayiwa, ndani amakhulupirira kuti Mulungu alipo?

Mudzaona zimene zimachitika. Poyamba magulu ambiri amati palibe ndi mmodzi yemwe. Koma pa agogo aja ana a kudambwe amadzuka, n'kunena kuti agogo awo amadziwa Namalenga kuposa ambiri ovala yunifomu ya mpingo. Pa msodzi uja ana a ku gombe amaseka, poti akumudziwa, mwina ndi malume awo. Pofika mphindi ya khumi, anawo apeza okha kuti awiri oyambawo ndi okhulupirira, mmodzi waulesi pa mapemphero, wina wa chipembedzo cha makolo. Atsala awiri, ndipo apa m'pamene mumapereka maina amene adzakumane nawo m'mabuku. Namwinoyo ndiye atheisiti, munthu amene sakhulupirira kuti kuli Mulungu. Wophunzirayo ndiye aginositiki, munthu amene akuti nkhaniyo siikudziwika, kapena kuti munthu sangathe kuidziwa. Dzina lachiwirili analiyambitsa mu 1869 ndi Thomas Henry Huxley, katswiri wa zamoyo wa ku Mangalande, amene ankati munthu asanene kuti akudziwa chinthu chimene alibe nacho umboni wokwanira. Onetsetsani kuti anawo agwira kusiyanaku, chifukwa mnyamata wanu uja, malinga ndi mawu ake, ali pa malo a wachinayiyo, pamene anzake anamumva ngati wanyoza Mulungu.

Za satana zija musazidumphe, koma musakalipe. Funsani kalasi kuti: munthu wolambira satana amakhulupirira kuti satana alipo? Ayankha kuti inde. Nanga namwino uja, amene sakhulupirira Mulungu, angelo, ziwanda kapena mizimu, angalambire bwanji chinthu chimene akuti kulibe? Ndimasiya funsoli lilendewere kanthawi. Ana a fomu 3 ndi anzeru, amaona okha kuti zinthu ziwirizi sizingakhale mwa munthu mmodzi. Ufiti n'chimodzimodzi. Kuno kwathu anthu amene amadziwika poyera kuti sakhulupirira Mulungu, monga a George Thindwa a bungwe la Association for Secular Humanism, anatchuka kwenikweni chifukwa chonena kuti ufiti kulibe ndi kuteteza agogo amene ankawanamizira ufiti n'kuwatsekera m'ndende. Mwana akhoza kusagwirizana nawo, koma sangawatche mfiti n'kukhala kuti walankhula zomveka.

Padzatuluka wina wonena kuti izi n'za azungu, kuno kulibe. Muuzeni kuti pa kalembera wa 2018 anthu pafupifupi awiri pa 100 aliwonse m'Malawi ananena kuti alibe chipembedzo. Koma muwachenjezenso kuti wopanda chipembedzo si onse amene amakana Mulungu. Msodzi wathu uja akhoza kuyankha choncho kwa wolemba kalembera. Ndiye chiwerengerocho musachikokere mbali iliyonse. Chimene chikusonyeza n'chakuti anthuwa alipo pakati pathu, ndi ochepa, ndipo ambiri amangokhala chete.

Gawo lolemera, limene aphunzitsi okhulupirira timaliwopa, ndi la zifukwa. Apa m'pamene muyeso wa munthu wakumbuyo uja umagwira ntchito kwambiri. Pali chizolowezi chonena kuti anthuwa amakana Mulungu kuti azichimwa momasuka, kapena kuti sukulu inawazunguza mutu. Amenewo ndi maganizo athu pa iwo. Si zifukwa zimene iwo amapereka. Ine ndimasankha chifukwa chimodzi n'kuchifotokoza mokwanira, m'malo mothamanga ndi zisanu, ndipo chimene ndimasankha ndi cha mavuto, chifukwa mwana aliyense wa kuno amachimva m'thupi. Ndimalemba ziganizo zitatu pa bolodi: Mulungu ndi wamphamvu zonse, Mulungu ndi wachikondi, ana osalakwa amafa ndi malungo, ndipo madzi osefukira amakokolola nyumba za osauka, monga zinachitikira ku Dwangwa mu 2024. Wosakhulupirira amati ziganizo zitatuzi sizingakhale zoona zonse pamodzi. Ngati angathe kuletsa koma safuna, chikondi chili kuti? Ngati akufuna koma sangathe, mphamvu ili kuti? Ndipo popeza chachitatucho tonse timachiona ndi maso, iye amati ziwiri zoyambazo ndiye zosadalirika. Nenani zimenezi ndi mawu abata, osazifewetsa, koma nthawi zonse muziyamba ndi "wosakhulupirira amati". Timawu timeneti ndi timene timasiyanitsa kuphunzitsa ndi kulalikira.

Mukatero, perekani mpata kwa zipembedzo zimene zili m'kalasimo kuti ziyankhe, chifukwa funsoli si lachilendo kwa izo. Ana achikhristu akumbutseni za Yobu, amene anafunsa mafunso owawa kuposa a mnyamata wanuyu, ndi chiphunzitso chakuti Mulungu anapatsa munthu ufulu wosankha. Ana achisilamu adzakuuzani okha kuti moyo uno ndi mayesero, kuti wopirira ali ndi malipiro, ndi kuti nzeru za Allah munthu sangazimalize. Ana a chipembedzo cha makolo adzanena za mizimu yokwiya ndi miyambo yoswedwa. Kenako, kuti chilungamo chikwane, nenaninso zimene wosakhulupirira amayankha: kuti ufulu wosankha ukhoza kufotokoza za wakuba ndi wakupha, koma sufotokoza udzudzu kapena chivomerezi. Ndipo aginositiki amamvetsera mbali zonse n'kunena kuti palibe yamufikitsa potsimikiza. Imani pomwepo. Musamange mfundo yakuti wapambana ndani. Ndikudziwa kuti mtima wa mayi wa mvano umafuna kutseka ndi vesi, koma kalasi ya boma si guwa, ndipo theka la anawo vesi lanulo si buku lawo.

Pa chifukwa chomwecho, mkangano wa magulu awiri, ena otsutsa ena ovomereza, kenako kuvota, musauyese. Ndauona ukuchitika ndipo zotsatira zake n'zodziwikiratu. Ana makumi asanu ndi limodzi amavota mbali imodzi, mwana mmodzi amatsala yekha, ndipo amene munawaika ku gulu lokana Mulungu amakanena kunyumba kuti madamu anatikakamiza kunyoza Mulungu. Kwa mwana wachisilamu makamaka, kutchula ndi pakamwa pake mawu okana Allah, ngakhale mwa sewero, ndi chinthu cholemera kwambiri, ndipo simuyenera kumusenzetsa. Mawu a wosakhulupirira muziwanena ndinu, kapena akhale olembedwa pa bolodi, anawo aziwafotokoza ngati mawu a munthu wina.

Mafunso awiri adzabwera ndithu, ndiye konzekeranitu. Loyamba, mwana wina adzatsegula Masalmo 14 n'kuwerenga kuti chitsiru chimati mumtima mwake kulibe Mulungu. Musamutsutse, ndipo musalibise vesilo. Nenani kuti inde, Baibulo limatero, ndipo ndi mmene wolemba Salmo ankaonera. Koma m'kalasi muno lamulo lathu n'lakuti timayesa maganizo, sititcha munthu maina, monganso sitilola kuti wina atchedwe kafiri kapena wachikunja pano. Mukhoza kuwonjeza kuti m'Baibulo lomwelo Tomasi anakana kukhulupirira mpaka ataona, ndipo Yesu sanamuthamangitse, komanso kuti Kurani, pa sura 2 ndime 256, imati palibe kukakamiza pa chipembedzo. Apa simukupotoza mabukuwo kuti avomereze kusakhulupirira, chifukwa savomereza. Mukungowaonetsa anawo kuti kuchitira ulemu wokayika kuli ndi mizu m'zipembedzo zawo zomwe.

Lachiwiri ndi lakuti, "Nanga inu madamu mumakhulupirira chiyani?" Musazembe. Anawo amakuonani Lachinayi mutavala zoyera, ndiye kubisa kungakhale chinyengo. Yankhani mwachidule kuti ndinu Mkhristu, mumakhulupirira Mulungu, ndipo lero ntchito yanu ndi kuwathandiza kumvetsa anthu amene amaganiza mosiyana ndi inu. Ziganizo ziwiri zakwana, kenako bwererani ku bolodi. Mwana akaona munthu wa chikhulupiriro cholimba akufotokoza mwachilungamo maganizo amene sagwirizana nawo, nkhope ili gwa, waphunzira chinthu chimene notsi sizingamupatse.

Nkhani ya makhalidwe ndimaisungira piriyodi yachiwiri, ngati nthawi ilipo. Funso lake n'lakuti munthu wosaopa Mulungu chimamuletsa kuba n'chiyani. Osakhulupirira ambiri amayankha kuti kuba kumapweteka munthu mnzako, kuti tonse timafuna kukhala m'mudzi momwe mbuzi imagona pakhola osabedwa, ndi kuti poti moyo ndi umodzi wokhawu, kuuwononga n'kulakwa kwakukulu. Ana athu amazimva msanga mukazilumikiza ndi umunthu. Afunseni ngati namwino uja, atasamala bwino mayi woyembekezera usiku wonse, tinganene kuti alibe umunthu. Okhulupirira ali nalo yankho lawo, lakuti chikumbumtima chimenecho anachiika ndi Mulungu, kaya mwini wake akuvomereza kapena ayi, ndipo nalonso lilembedwe pa bolodi. Kumbali inanso musapitirire muyeso n'kuyamba kuonetsa ngati osakhulupirira ndiwo anzeru ndipo opemphera ndi otsalira. Ndaonapo aphunzitsi achinyamata akugwera m'mbuna imeneyi pofuna kuoneka ophunzira. Kunyoza ndi kunyoza, kaya kwalunjika kuti.

Poyesa ngati amva, musafunse kuti "Kodi iwe umakhulupirira Mulungu? Fotokoza." Funso lotero limakakamiza mwana kuulula za mumtima kuti apeze malikisi. Funsani kuti asiyanitse atheisiti ndi aginositiki, afotokoze chifukwa chimodzi chimene wosakhulupirira amapereka, ndi yankho limodzi la chipembedzo chilichonse chimene asankha. Pochonga mudzadziwa pamene phunziro lapita. Mukapeza makope ambiri alemba kuti atheisiti ndi munthu wosapita ku tchalitchi, kapena wodana ndi Mulungu, thumba lija silinakhutulidwe, bwerezani anthu anayi aja. Mukapeza mwana wa shehe walemba bwinobwino mfundo ya mavuto, kenako n'kuiyankha ndi chiphunzitso cha mayesero, phunziro lalowa. Chizindikiro china sichili m'kope: mvetserani ngati dzina lija la satana likumvekabe pa bwalo la mpira.

Kholo likabwera, lilandireni pamodzi ndi ahedi, ndipo musayambe ndi malamulo. Lionetseni zimene munalemba pa bolodi ndi mafunso amene munapereka. Makolo ambiri amabwera atamva kuti "madamu akuti kulibe Mulungu", ndipo akaona kope mtima umatsika. Auzeni kuti mwana wawo adzapita ku koleji kapena ku Joni, adzakumana ndi anthu otere, ndipo kuli bwino amve nkhaniyi koyamba kwa mphunzitsi amene amalemekeza chipembedzo cha kwawo kusiyana n'kuimva pa foni ali yekha. Nkhawa yawo musaipeputse. RME yomweyi itangobwera mu 2000 mipingo inadandaula kwambiri mpaka boma linaiimitsa kaye, ndipo mapeto ake BK ndi RME zonse zinatsala m'sukulu. Ndiye nkhani ya chimene mwana amve m'kalasi ya chipembedzo ndi yakale kuno, ndipo anthu amaitenga ndi mtima wonse. Zikavuta, pamenepo mukhoza kutchula kuti gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo, chikhulupiriro ndi maganizo, ndipo khoti lalikulu ku Zomba mu 2023 linateteza ana achirasta kuti aziphunzira m'sukulu za boma osametedwa. Ufulu umene umateteza mwana wachirasta ndi mtsikana wovala hijabu ndi womwewo umene ukuteteza mnyamata wokayikayu. Ngati sukulu yanu ili pa malo a mpingo kapena a Asilamu, ahedi akambiranenso ndi eni sukuluyo phunzirolo lisanachitike. Koma dzina la mwana amene anafunsa lisatuluke pakamwa panu, kaya kwa kholo lina, kwa abusa kapena kwa shehe. Ngakhale makolo ake omwe, si inu woyenera kukawauza. Adzanena yekha akadzafuna.

Za mwanayo tsopano. Ngati funso lake likuchokera m'mabuku ndi m'maganizo, phunziro labwino ndi mtendere pa sukulu zamukwanira. Musamutenge ngati wodwala, ndipo musamutumize kukapemphereredwa iye asanapemphe. Koma ngati pocheza paja mwamva kuti kwawo kunagwa maliro, kapena mukuona kuti wayamba kujomba, wasiya anzake, malikisi atsika, kapena akunena mawu ngati "moyo ulibe phindu", imeneyo si nkhani ya RME ayi. Mulumikizeni ndi mphunzitsi wa uphungu pa sukulupo tsiku lomwelo, ndipo ngati watchula zodzipha, musamusiye yekha, uzani ahedi ndi womulera amene mwanayo amamukhulupirira, apite naye ku chipatala. Ngati anzake akumumenya kapena kumutcha mfiti, ahedi achitepo kanthu monga amachitira ndi nkhanza ina iliyonse. Kuneneza munthu ufiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911, ndipo m'midzi mwathu dzina limenelo likamamatira munthu limatha kubweretsa zoopsa. Ngati kunyumba amumana chakudya, amukwapula kapena amuthamangitsa chifukwa cha nkhaniyi, dziwitsani a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma kapena apolisi a nthambi yothandiza ozunzidwa. Nambala yaulere ya 116 yothandiza ana mukhoza kuimba inuyo, ndipo mumulemberenso mwanayo pa kapepala kuti akhale nayo.